Hadi disiki ikulira tiki-tiki ndipo lipoti likuti Caution: ndisinthe liti?

"Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta, ndipo ntchito zonse za makasitomala zili mu kompyuta imodzi. Kwa masabata awiri tsopano, ndikatsegula foda ya zithunzi kompyuta imauma, mkati n'kumamveka tiki, tiki, tiki kwa kanthawi, kenako n'kupitiriza. Mwana wa achemwali anga anaikamo CrystalDiskInfo, ndipo ikulemba Caution pachikasu. Pa mzere wa 05 pali 000000000008, pa C5 ndi pa C6 pali 000000000018, pa C7 pali maziro okhaokha. Iye akuti palibe vuto chifukwa pa Current pakulembedwa 100. Ndigule disiki ina panopa, kapena imeneyi ingandifikitse kumapeto a chaka?"

Mayi, musadikire kumapeto a chaka. Gulani ina sabata yomwe ino. Koma kugulako kubwere pambuyo. Choyamba, lero lomwe lino, koperani mafayilo a makasitomala anu kupita pa fulashi kapena pa disiki ina yobwereka. Mwina disiki yanuyo iyenda miyezi inanso itatu, mwina mawa m'mawa kompyuta ikana kudzuka. Palibe mmisiri amene angakuuzeni tsiku lake. Chimene tingadziwe n'chakuti lipoti ndi phokoso zikunena chinthu chimodzi, ndipo ziwirizi zikagwirizana ine sinditsutsana nazo.

Kuti manambalawo akhale ndi tanthauzo, tiyambe taona zimene zili mkati mwa kabokosi kachitsuloko. Muli mbale imodzi kapena zingapo zosalala ngati galasi, zimene mota imazunguza ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa mbale pamayandama kamutu kakang'ono kwambiri, kali kumapeto kwa mkono umene umayenda uku ndi uku ngati singano ya galamafoni ya makolo athu, kungoti kamutu aka sikakhudza mbale; kamauluka pa kampweya kochepa kwambiri kuposa kukula kwa fumbi. Mbaleyo inagawidwa m'timagawo totchedwa masekita. Sekita imodzi inkasunga mabayiti 512, ndipo madisiki ambiri a masiku ano amasunga 4096 pa sekita. Disiki ya 1 TB ili ndi timagawo ta mabayiti 512 pafupifupi mabiliyoni awiri. Disikiyo imalemba yokha kaundula wa mavuto amene ikukumana nawo, wotchedwa SMART, ndipo CrystalDiskInfo sipima kanthu payokha, imangowerenga kaundulayo n'kukuonetsani.

Mizere ya 05, C5 ndi C6 imene mwatchula ndi nkhani imodzi yokambidwa m'magawo. Disiki ikayesa kuwerenga sekita ina n'kulephera, siitaya nthawi yomweyo, chifukwa muli zinthu zanu. Imailemba pa mndandanda wa zokayikitsa, ndipo ndiwo mzere wa C5, Current Pending Sector Count. Sekita imeneyo imakhala pamenepo mpaka tsiku limene iwerengeka bwino kapena kompyuta ilembepo zatsopano. Polembapo, disiki ikaona kuti malowo ndi owonongekadi, imawatseka n'kutenga sekita ina pa nkhokwe ya masekita apadera amene fakitale inasungira zoterezi. Kusamutsa kumeneku kumawerengedwa pa mzere wa 05, Reallocated Sectors Count. C6 ndi masekita amene disiki inalephera kuwawerenga ngakhale itayesa njira zake zonse zokonzera. Ndiye kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu: 05 ndi chipsera cha bala limene linamangidwa kale, pamene C5 ndi C6 ndi bala limene likadali lotseguka. Pa masekita a pa C5 pali chidutswa cha fayilo ina imene panopa siikuwerengeka, ndipo ndikuganiza kuti ili mu foda ya zithunzi ija.

Tsopano pali kamsampha kamene kamakola anthu ambiri. CrystalDiskInfo ikangoikidwa kumene imalemba Raw Values, manambala aatali aja mwanditumizirawa, m'kawerengedwe ka 16, osati ka 10 kamene tinaphunzira kusukulu. Choncho 18 imene mukuonayo si 18, koma 1 kuchulukitsa ndi 16 kuwonjezera 8, zomwe ndi 24. Pa manambala aang'ono kusiyanako sikuoneka kwambiri, koma munthu akaona 100 n'kumati ndi 100, pamene ndi 256; akaona 400 ndiye kuti ndi 1024. Uzani mnyamata wanuyo alowe pa Function, kenako Advanced Feature, kenako Raw Values, n'kusankha 10 [DEC], kuti muziwerenga manambala wamba. Ndiye muli ndi masekita 8 osamutsidwa ndi 24 okayikitsa. Mwaona kuti onse awiri amagawika ndi 8? Si mwangozi. Madisiki ena a masekita a 4096 amawerengabe m'timagawo ta 512, ndiye malo amodzi akawonongeka nambala imalumpha ndi 8. Zikhoza kukhala kuti pa mbale pali malo amodzi otsekedwa kale ndi atatu ovuta. Zikumveka zochepa, ndikudziwa. Koma kuopsa kwake sikuli pa kuchuluka.

Za Current ya 100 ija, mnyamatayo sanapeke, kungoti waima pa mzati wolakwika. Current, Worst ndi Threshold ndi magiredi amene wopanga disiki anaika: nambala imayambira pa 100 kapena 200 n'kumatsika, ndipo ikafika pa Threshold m'pamene disiki imavomereza kuti yatha. Koma magirediwa ndi aulesi kwambiri. Pa 05, Current imatha kukhalabe pa 100 masekita makumi angapo atasamutsidwa kale, chifukwa imayerekeza ndi nkhokwe yonse. Pa C5 ndi C6, madisiki ambiri anaika Threshold ya ziro, kutanthauza kuti mizere imeneyi siingagwetse disiki pa mayeso ngakhale zitavuta chotani. N'chifukwa chake ndaonapo madisiki osawerengeka n'komwe koma lipoti lake likulemba PASSED. Wopanga anaika malire ake poganizira nthawi imene ayenera kubweza disiki pa walanti, ife timaganizira mafayilo. Pa mizere iyi, yang'anani Raw Values.

Ndinene chilungamo, si C5 iliyonse imene ndi imfa. Kuno kwathu magetsi amathima mosapereka moni, ndipo akathima disiki ili mkati molemba, sekita imodzi imatha kutsala italembedwa theka. Tsiku lotsatira siiwerengeka, ndipo imalowa pa C5 ngakhale mbale ili bwinobwino. Sekita yotere ikalembedwanso, C5 imabwerera pa ziro ndipo 05 siikwera. Mukanandiuza kuti C5 ili pa 8, 05 ili pa ziro, kulibe phokoso, ndipo zinayamba tsiku limene magetsi anathima mukusunga ntchito, ndikanati koperani zinthu zanu, lembani nambalayo, tione sabata yamawa. Koma kwa inu 05 yakwera kale, kusonyeza kuti disiki inayesa malo ena n'kuwapeza owonongekadi. Ndipo kuthima kwa magetsi kumodzi sikupangitsa disiki kugogoda kwa masabata awiri.

Chimene chimaweruza mlandu ndi kumene manambala akulowera. Disiki yokhala ndi 05 pa 8 kwa zaka ziwiri osasuntha ndi yosiyana kwambiri ndi imene inali pa ziro mwezi watha, lero ili pa 8, Loweruka ili pa 40. Yoyambayo inagundidwa kamodzi n'kupola. Yachiwiriyo ikudyeka: mwina kamutu kakufooka, kapena kanakanda mbale ndipo tizidutswa timene tinachoka tikuzungulira mkatimo n'kumakanda malo ena. Kuwonongeka kwa mtundu umenewu sikuyenda pang'onopang'ono mofanana, kumafulumira pamene kukupita. Ine kuntchito ndimangomata kapepala pa kompyuta n'kulembapo tsiku ndi manambala a 05, C5 ndi C6. Chitani chomwecho lero, mutamaliza kukopera, ndipo muonenso mawa ndi mkuja. Nambala iliyonse mwa zitatuzi ikakwera ngakhale kamodzi, nkhani yatha, musaiikenso ntchito yatsopano.

Izi si maganizo anga okha. Mu 2007 akatswiri a ku Google anafalitsa kafukufuku wa madisiki oposa 100,000 a m'makina awo. Anapeza kuti disiki ikangosamutsa sekita yake yoyamba, mwayi woti ifa mkati mwa masiku 60 umakula kuposa ka 14 poyerekeza ndi imene sinasamutsepo. Kampani ya Backblaze, imene imasungira anthu mafayilo pa madisiki masauzande ambiri, inanena mu 2016 kuti imayang'ana mizere isanu: 5, 187, 188, 197 ndi 198, imene pa CrystalDiskInfo imaoneka ngati 05, BB, BC, C5 ndi C6. Pa madisiki awo amene anafa, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anali ndi nambala yoposa ziro pa mzere umodzi kapena ingapo mwa imeneyi, pamene pa madisiki amoyo anali pafupifupi 4 okha pa 100 aliwonse. Inu muli ndi itatu mwa isanuyo. Taonaninso BB, ngati disiki yanu ili ndi mzere umenewu, sindingadabwe mutapeza kuti nawonso wachoka pa ziro, chifukwa umawerenga nthawi zimene disiki inauza kompyuta kuti yalephera kuwerenga.

Koma kafukufuku wa ku Google yemweyo anaonetsanso mbali ina imene anthu amaiwala: madisiki oposa theka mwa amene anafa analibe chizindikiro chilichonse pa mizere ikuluikulu yochenjeza. Ndiye lipoti loipa mulikhulupirire, koma lipoti labwino musagonere. Apa m'pamene khutu limathandiza.

Disiki yabwinobwino siikhala chete. Poyaka mumamva mota ikukwera liwiro kwa masekondi ochepa, kenako kuli ziii ndi kamphepo chabe. Ikamagwira ntchito imachita tcheketcheke mosakhazikika, ngati mbewa m'chikwatu cha chimanga. Umenewo ndi mkono ukudumphadumpha kufuna mafayilo. Pa laputopu mumathanso kumva kamodzi kokha kuti tiki, pakapita nthawi osaigwira, pamene kamutu kakubwerera pa malo ake opumira. Zonsezi si matenda. Phokoso lodetsa nkhawa ndi lokhala ndi kayimbidwe kofanana, ngati wotchi: tiki, tiki, tiki, kompyuta ili chiumire. Pamenepo kamutu kalephera kuwerenga kapena kataya njira, ndiye mkono ukubwerera poyambira n'kuyesanso, kubwerera n'kuyesanso. Windows imakhala ikudikira yankho, n'chifukwa chake mausi imayenda koma palibe chikutseguka. Kwa inu zikuchitika pa foda imodzi kenako n'kusiya, kusonyeza kuti vuto likadali pa dera limodzi la mbale ndipo kamutu kakuwerengabe malo ena. Umenewu ndi mwayi wanu, ndipo ndi mwayi wa kanthawi.

Pali maphokoso ena amene mukangowamva muzimitse osaganizanso kawiri. Kugogoda kuyambira pamene mwangoyatsa, mota n'kuzima yokha, kuyakanso, kugogodanso, kompyuta osaiona disiki: kamutu kafa kapena disiki yalephera kuwerenga malangizo ake amene amasungidwa pa mbale. Kukwecha kapena kulira kwa chitsulo pa chitsulo: kamutu kagwera pa mbale ndipo kakupala pamene pali mafayilo anu, sekondi iliyonse ikuchotsa zinthu zimene sizidzabwereranso. Kulira kwapansipansi kobwerezabwereza ngati kabelu, mbale osazungulira: mota yagwira kapena kamutu kamatirira pa mbale, zimene zimachitika kawirikawiri pa timadisiki ta m'laputopu tikagwa pansi. Pa zitatuzi palibe pulogalamu imene ingathandize. Ndipo chonde musalole munthu kuitsegula pa tebulo la pamsika, kuimenya, kapena kuiika mu filiji monga ena amalangizira. Fumbi ndi chinyezi zimamaliza zimene zinatsala.

Khutu nalonso limanama nthawi zina, ndiye nditchule ziwiri. Fani yokalamba kapena waya wokhudza fani amalira mofanana kwambiri ndi disiki. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: phokoso la fani silisamala kuti mwatsegula fayilo iti, pamene la disiki limabwera limodzi ndi kuuma kwa kompyuta, kanyali ka disiki kali chiyakire osaphethira. Chachiwiri ndi njala ya magetsi. Tsiku lina bambo wina anandibweretsera disiki yakunja yolumikiza pa USB, nkhope itagwa, akuti ikugogoda ndipo muli zithunzi za ukwati wa anthu zimene anali asanapereke. Anali kuilumikiza ndi chingwe chachitali chogula padera, pa bowo lakutsogolo kwa kompyuta yakale. Bowo la USB 2.0 limapereka mamiliampu 500 okha, la USB 3.0 limapereka 900, ndipo mota imafuna mphamvu zambiri pa nthawi yoyamba kuzungulira. Titaika chingwe chachifupi pa bowo lakumbuyo, inayaka mwakachetechete, 05 ndi C5 zili pa ziro. Anapita kwawo akuseka. Ndikanakonda kukuuzani zomwezo, koma disiki yanu ndi yamkati, ndipo njala ya magetsi yokha siikanatipatsa masekita osamutsidwa pamodzi ndi kugogoda pa foda imodzimodzi tsiku ndi tsiku.

C7 yanu ya ziro yatitsekera khomo lina lothawira. Mzere umenewu, UltraDMA CRC Error Count, umawerenga zolakwika za panjira pakati pa disiki ndi kompyuta, ndipo ukamakwera wolakwa nthawi zambiri ndi chingwe cha SATA kapena polumikizira. Anthu ataya madisiki abwino chifukwa cha chingwe chotchipa. Nambala ya C7 siibwerera pa ziro mukasintha chingwe, imangosiya kukwera. Komanso ngati disiki yanu ndi ya Seagate, musachite mantha ndi manambala a mamiliyoni pa mizere ya 01 ndi 07. Kampani imeneyi imaphatikiza m'nambalamo chiwerengero cha ntchito zonse zimene disiki yachita, ndiye ngakhale yatsopano imaoneka choncho.

Tsopano kachitidwe kake, chifukwa apa m'pamene anthu amataya zinthu ali ndi mtima wofuna kukonza. Musayambe ndi kuyesa disiki. Musathamangitse chkdsk /r, lamulo la Windows lofufuza ndi kukonza disiki, musachite difulagi, kumene ndi kusanjanso mafayilo pa mbale, musaikenso Windows, musalole pulogalamu iliyonse yolonjeza kuti ichiritsa masekita. Zonsezi zimakakamiza kamutu kodwala kuyenda pa mbale yonse kwa maola ambiri, ndipo chkdsk imasinthanso kaundula wa mafayilo pamene ikuyenda. Ikafera panjira mumatsala ndi chisokonezo choposa poyamba. Ndaonapo disiki imene inabwera ikuwerengeka, mwini wake n'kuisiya usiku wonse ikudzikonza, m'mawa kompyuta osaizindikiranso. Maola amene atsala pa disikiyo ndi owerengeka ngakhale sitikudziwa kuti ndi angati, ndiye agwiritseni ntchito pokopera basi.

Koperani motsatira mtengo wa zinthu, osati motsatira mndandanda wa mafoda. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina: makalata ndi ntchito za makasitomala zosamaliza, buku la ngongole, mapepala a bizinesi. Zambiri mwa izi ndi mafayilo aang'ono, zitha m'mphindi zochepa. Nyimbo ndi mafilimu zisiyeni. Foda ya zithunzi yovutayo ikhale yomaliza, ndipo muikopere pang'onopang'ono, kafoda kamodzikamodzi. Ikafika pa chithunzi chimene chikuyambitsa tiki-tiki, musaumirire. Dinani Skip, lembani dzina lake, pitirirani. Ngati muli ndi UPS, kapena mungakopere pa nthawi imene magetsi sakonda kuthima kwanuko, chitani choncho. Mukamaliza tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akutseguka.

Kukopera wamba kukamakanika, kapena mukufuna disiki yonse ndi mapulogalamu ake isamukire pa yatsopano, pitani kwa mmisiri wodziwa Linux mumuuze agwiritse ntchito pulogalamu yokopera madisiki odwala yotchedwa ddrescue. Ubwino wake ndi wakuti imayamba yatenga malo onse osavuta, n'kulumpha ovuta, ndipo imasunga mapu a pamene yafika kuti magetsi akathima isayambirenso pachiyambi.

```
ddrescue -f -n /dev/sdb /dev/sdc mapu.log
ddrescue -f -r3 /dev/sdb /dev/sdc mapu.log
```

Mzere woyamba ukutenga zosavuta, wachiwiri ukubwerera pa malo ovuta n'kuyesa katatu. Dzina loyamba ndi disiki yodwala, lachiwiri ndi yatsopano, yomwe iyenera kukhala yofanana kukula kapena yoposa. Mayina amenewa amasiyana pa kompyuta iliyonse, ndipo akawatembenuza, disiki yopanda kanthu idzafufuta yanu yonse, ndiye aonetsetse kawiri asanadine.

Zinthu zikakhala pabwino, m'pamene mungafunse disiki yakaleyo kuti inene zonse. Pulogalamu ya smartctl imailamula kuti idziyese yokha, kuwerenga mbale yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zimene pa 1 TB zimatenga maola awiri kapena atatu:

```
smartctl -t long /dev/sdb
smartctl -l selftest /dev/sdb
```

Lamulo lachiwiri mumalipereka nthawiyo ikatha. Disiki yabwino imalemba Completed without error. Yanu ndikuyembekeza kuti ilemba Completed: read failure, pamodzi ndi nambala ya sekita yoyamba imene yakanika. Ngati ikadali pa walanti, jambulani zimenezo mupite nazo kumene munagula, ndi umboni wabwino kuposa kufotokoza phokoso ndi pakamwa.

Wina adzakuuzani kuti akaifufuta yonse polemba maziro, C5 ibwerera pa ziro ndipo chikasu chija chikhoza kuchoka. N'zoona kuti C5 imatsika, chifukwa masekita okayikitsa aja amalembedwanso kapena kusamutsidwa, koma chimene chinawawononga chimakhala chikadali mkatimo. Disiki imene inagogodapo ine sindiibwezera pa ntchito ya ndalama. Ikhoza kusunga mafilimu amene muli nawo kwina, basi. Mfundo yomweyi muikumbukire pogula, makamaka ngati mukuyang'ana yogwiritsidwapo kale ntchito. Musapereke ndalama musanaione pa CrystalDiskInfo: 05, C5 ndi C6 zikhale pa ziro, ndipo muone Power On Hours. Chaka chathunthu chili ndi maola 8760, ndiye disiki yolemba 35,000 yazungulira zaka zinayi usana ndi usiku, kaya wogulitsa akulumbira kuti ndi yatsopano. Ngati thumba likulola, pa kashopu ngati kanu ndingasankhe SSD ya SATA, imene imalowa pa chingwe chomwecho ndipo kompyuta imapepuka kwambiri. Kungoti SSD ilibe mbale kapena mkono, ndiye tsiku lake likafika siigogoda. Fulashi kapena disiki imene mukoperepo lero ija isabwerere kwa mwini wake musanapeze yanuyanu yomakoperapo Loweruka lililonse potseka shopu.